Kutuma, Ulamuliro, Udindo ndi Kuyankhapo: Mawu Anayi Amene Amatidyera Malikisi



M'phunziro la Bizinesi muli mawu anayi amene amayendera limodzi ngati ana a mimba imodzi. Mawuwo ndi delegeshoni, othorite, responsibilite ndi akauntabilite. Ndawalemba monga timawatchulira, kalembedwe kake ka Chizungu muonere mu notsi zanu. Mayeso a JCE akubwera, ndipo funso la mawu amenewa limaoneka lophweka, koma mayankho anayi amene amakupatsa kuti usankhepo amafanana onse. Kunja kwa mayeso nakonso, mawu omwewa ndi amene amagamula kuti alipire ndani ndalama ikasowa. Ndiye ndati ndiwamasule m'Chichewa, limodzilimodzi.

MAWU ANAYIWO MWACHIDULE

Delegeshoni ndi kutuma. Wamkulu amatenga gawo la ntchito yake n'kulipereka kwa munthu amene ali pansi pake, pamodzi ndi chilolezo choti aigwire. Amatero chifukwa mutu umodzi susenza denga. Ahedi sangathe kuimba belu, kuitana maina m'makalasi onse ndi kulandira alendo nthawi imodzi.

Othorite ndi ulamuliro, kutanthauza ufulu wovomerezeka wopanga chiganizo, wouza ena chochita, kapena wogwiritsa ntchito ndalama ndi katundu. Funso lake ndi lakuti, kodi ndaloledwa kuchita chiyani?

Responsibilite ndi udindo, ntchito imene uyenera kuigwira chifukwa unaivomera. Funso lake ndi lakuti, kodi ndiyenera kuchita chiyani?

Akauntabilite ndi kuyankhapo. Ntchito ikatha, kaya yayenda kaya yalephereka, umabwerera kwa amene anakutuma kukafotokoza mmene zayendera, n'kulandira chiyamiko kapena chidzudzulo. Funso lake ndi lakuti, kodi ndikafotokozera ndani?

Taonani mmene amalumikizirana. Kutuma ndiye chochitika chenichenicho. Pamene wamkulu akutuma, ulamuliro umatsika kuchoka kwa iye kupita kwa wotumidwa. Wotumidwa akavomera, udindo wogwira ntchitoyo umakhala pa iye. Kenaka kuyankhapo kumakwera, kuchoka kwa wotumidwa kubwerera kwa wotuma. Ulamuliro umatsika, kuyankhapo kumakwera. Sungani chimenechi, tichigwiritsa ntchito kutsogoloku.

TIYEREKEZE NDI GOLOSALE YA KU NTAJA

Nkhani iyi ndi yongoyerekeza, ndipo mitengo ndaiika yosavuta kuwerengera.

Gulu la amayi khumi a banki m'khonde latsegula golosale ku Ntaja. Asankha mayi mmodzi kuti aziyang'anira golosaleyo, ndipo mwezi ukatha amawerenga ndalama pamaso pa gulu lonse. Tsiku lina katundu watha, koma mayiwo sangatseke golosale. Ndiye akutuma mnyamata amene amawathandiza kuti akaode katundu ku Liwonde. Akumupatsa K200,000 ndi mawu awa:

"Ukagule mabelo awiri a shuga, katoni imodzi ya sopo ndi belo imodzi ya mchere. Shopu usankhe wekha, pomwe patchipe. Sopo amene timagulitsa uja akasowa, utenge wina wa mtengo womwewo. Koma usatenge kanthu pa ngongole. Ubwere ndi malisiti ndi chenji."

M'mawu ochepawa zinthu zonse zinayi zilimo. Kumupatsa ntchito ndi ndalama ndiye kutuma. Kusankha shopu ndi kusintha mtundu wa sopo ndiwo ulamuliro wake, ndipo malire ake ndi awiri: asapitirire K200,000, asatenge ngongole. Kugula zinthu zitatuzo ndi kuzifikitsa ku Ntaja zili bwinobwino ndiwo udindo wake. Malisiti ndi chenji ndiko kuyankhapo.

Zikayenda bwino, masamu ake akhala motere. Shuga ndi K55,000 belo imodzi, awiri K110,000. Sopo K45,000. Mchere K25,000. Thiransipoti ya iye ndi katundu K12,000. Zonse pamodzi K192,000. Chenji ndi K8,000. Mnyamata akupereka malisiti ndi K8,000, mayiwo akulemba m'kope, nkhani yatha.

Tsopano tiyeni tiiwononge nkhaniyi m'njira zitatu, tione chimene chaduka.

Njira yoyamba. Tinene kuti mayiwo anangoti, "Ukagule ku shopu yakutiyakuti basi, pa mtengo wa K55,000, usasinthe kalikonse." Mnyamata wafika, wapeza shuga wakwera, ali pa K60,000, pomwe shopu yoyandikana nayo ikugulitsabe K55,000. Foni alibe. Akagula kwinako waphwanya lamulo, akabwerera chimanjamanja waononga ndalama ya thiransipoti ndipo golosale ikhala yopanda shuga. Apa mnyamata ali ndi udindo koma ulamuliro wake ndi wochepa kuposa ntchito. Vuto lachokera kwa wotuma. Chizindikiro cha vuto ili n'chakuti wotumidwa amangobwererabwerera kukafunsa tizinthu ting'onoting'ono, ndipo ntchito imachedwa.

Njira yachiwiri. Mnyamata wapeza mafuta ophikira otchipa, ndipo mwini shopu akuti, "Tenga, udzalipira sabata yamawa." Iye watenga a K40,000 pa ngongole m'dzina la golosale. Mwina maganizo ake anali abwino, mwinanso mafutawo ayenda malonda. Komabe wadumpha malire a ulamuliro wake. Chiganizo chotenga ngongole sichinali chake. Apa wolakwa ndi wotumidwa, ngakhale phindu litapezeka.

Njira yachitatu, ndipo iyi ndiyo mtima wa phunziro lonseli. Katundu wafika yense, koma chenji cha K8,000 palibe, lisiti ya sopo palibenso. Mwezi watha, gulu lakhala pansi kuwerenga ndalama, lapeza kuti zaperewera. Kodi amayi a gulu afunsa ndani? Afunsa mayi woyang'anira uja, chifukwa ndi amene iwo anamupatsa golosale. Mayiwo sanganene kuti, "Ine sindikudziwa, ndinatuma mwana, kamufunseni yekha." Gulu liwayankha kuti, "Mwanayo tinakusankhirani ndife? Munamutuma ndinu, nanga malisiti simunawaone bwanji tsiku lomwelo?"

Izi sizikutanthauza kuti mnyamata wapulumuka ayi. Iye ayankha kwa mayiwo, mayiwo ayankha ku gulu. Pamene anamutuma, kuyankhapo sikunasamuke kuchoka kwa mayi kupita kwa mnyamata. Kunangobadwa kuyankhapo kwina pansi, kwa pamwamba kuja kuli pomwepo. N'chifukwa chake mabuku amati kuyankhapo sikugawidwa. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya.

Kuchokera m'njira yoyamba ndi yachiwiri tikupeza lamulo lakuti ulamuliro ndi udindo zizilingana. Udindo ukachuluka ulamuliro n'kuchepa, munthu amamangika manja. Ulamuliro ukachuluka popanda womufunsa, munthu amayamba kuchita zofuna zake. Mfundo imeneyi si yatsopano. Henri Fayol wa ku France, amene ankayendetsa kampani ya migodi, anaiika pa mfundo zake 14 za kayendetsedwe ka ntchito m'chaka cha 1916.

CHITSANZO CHENICHENI: PAKI YA LIWONDE

Tisapite kutali. Paki ya Liwonde ili kwathu konkuno m'mbali mwa mtsinje wa Shire, ndipo midzi ya ku Machinga ndi ku Balaka yachita nayo malire. Inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo ndi ya boma la Malawi kudzera mu nthambi yoona za mapaki ndi nyama zakutchire.

Mu 2015 boma linachita mgwirizano wa zaka 20 ndi bungwe la African Parks kuti bungwelo liziyendetsa pakiyi. Uku ndi kutuma kwa akuluakulu, kolembedwa pa pepala ndi kusainirana. Kungosiyana n'kwakuti pano wotumidwa si wantchito wa boma koma bungwe lapadera, ndiye malire ake amalembedwa mu mgwirizano.

Ulamuliro umene bungweli linalandira ndi woyendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku za m'paki: kukonza kayendedwe ka alonda, kusamala misewu ndi mpanda, kulandira alendo odzaona nyama. Udindo wake ndi kuteteza nyama ndi kuchepetsa mkangano wa pakati pa nyama ndi anthu a m'midzi yozungulira. Zina mwa zimene zachitika tikuzidziwa. Anamanga mpanda wamagetsi, anachotsa misampha yawaya zikwizikwi, anabweretsa mikango mu 2018, ndipo mu 2019 kunabwera zipembere zakuda 17 kuchokera ku South Africa.

Tsopano taonani zimene sizinaperekedwe. Malo ndi nyama ndi za dziko la Malawi, bungwe silingagulitse paki. Lamulo loteteza nyama zakutchire limapangidwa ndi Nyumba ya Malamulo, bungwe silingalisinthe. Munthu akagwidwa akupha nyama, alonda samugamula okha, mlandu umapita kukhoti. Amenewa ndi malire a ulamuliro, chimodzimodzi ndi mawu aja akuti "usatenge kanthu pa ngongole."

Nanga kuyankhapo? Tiyerekeze njovu zatuluka n'kudya chimanga m'mudzi wina. Oyendetsa paki ayenera kufotokozera boma chimene chachitika, pakuti mpanda uli m'manja mwawo. Koma phungu wa deralo akaimirira m'Nyumba ya Malamulo kufunsa za nkhaniyi, woyankha ndi nduna ya boma, osati mlonda kapena mkulu wa paki. Boma linapereka ntchito, koma kuyankhapo kwake pamaso pa Amalawi kunatsala. Ndi nkhani ya golosale yomwe ija, yangokula msinkhu.

MISAMPHA YA MAWU

Tsopano tifike pamene malikisi amathawira.

Msampha woyamba: timawu tiwiri, "fo" ndi "tu".

M'Chizungu mawu akuti "responsibo" amasintha tanthauzo malinga ndi kamawu kotsatira. Akati "responsibo fo", chotsatira chimakhala ntchito kapena chinthu, ndipo akunena za udindo. Akati "responsibo tu", chotsatira chimakhala munthu kapena ofesi, ndipo akunena za amene umakayankha kwa iye. Ndiye kuti "responsibo tu" ndi akauntabilite yovala malaya a responsibilite.

Chitsanzo chabwino chili m'malamulo aakulu a dziko lino a 1994. Gawo 97 likunena kuti nduna zimayankha kwa Pulezidenti pa kayendetsedwe ka maunduna awo. M'Chizungu chake, mutu wa gawolo uli ndi mawu a akauntabilite, koma chiganizo chapansi chagwiritsa ntchito "responsibo", kenaka "tu" kutsogolo kwa Pulezidenti, ndi "fo" kutsogolo kwa ntchito ya unduna. Chiganizo chimodzi, timawu tonse tiwiri. Ndiye ukakumana nazo, dzifunse m'Chichewa: kodi akuti "kwa ndani" kapena akuti "pa chiyani"? "Kwa ndani" ndi kuyankhapo. "Pa chiyani" ndi ntchito imene wasenza.

Msampha wachiwiri: kodi udindo umagawidwa kapena ayi?

Buku lina limati wamkulu akhoza kugawa ulamuliro koma sangagawe responsibilite. Lina limati responsibilite imagawidwa, chosagawidwa ndi akauntabilite. Ukawerenga onse awiri mutu umazungulira, koma sakutsutsana. Akugwiritsa ntchito liwu limodzi pa zinthu ziwiri.

Bwererani ku Ntaja. Udindo wokwera galimoto, kugula shuga ndi kunyamula katundu unapita kwa mnyamata, umenewo unagawidwa. Koma udindo womaliza, woonetsetsa kuti ndalama za gulu zili bwino, unatsala ndi mayi. Buku loyamba likamati responsibilite sigawidwa, likunena za udindo womalizawu, umene buku lachiwiri likuutcha akauntabilite.

Pa mayeso chitani chonchi. Funso likati ndi chiti chimene sichingagawidwe, yang'anani kaye mayankho onse. Ngati akauntabilite ilipo, sankhani imeneyo. Ngati palibe koma pali responsibilite, ndiye kuti wofunsa akutanthauza udindo womaliza uja, sankhani imeneyo. Othorite musaisankhe pa funso lotere, chifukwa ndi imene imagawidwa nthawi zonse munthu akamatuma. Likakhala funso lolemba, lembani mbali zonse ziwiri: wotumidwa amasenza ntchito, koma wotuma amayankhabe pa zotsatira zake.

Msampha wachitatu: mphamvu ndi ulamuliro.

M'Chichewa timati "ali ndi mphamvu" ponena za ahedi, timateronso ponena za mnyamata wamatama amene kalasi lonse limamuopa. M'Bizinesi ndi zinthu ziwiri. Pawa ndi kutha kupangitsa anthu kuchita zimene ukufuna, kaya ndi zibakera, ndalama kapena pakamwa pokoma. Othorite ndi ufulu umene wapatsidwa movomerezeka chifukwa cha mpando umene wakhalapo. Mnyamata wa Fomu 4 wathupi akakulanda malo pa mzere wa pamjigo, wagwiritsa ntchito pawa. Pulifekiti wamng'ono thupi akakuuza kuti utole zinyalala, wagwiritsa ntchito othorite, ndipo tsiku limene adzatule pansi upulifekiti, othoriteyo idzatsala pa mpando kudikira wina.

Ndiye m'tanthauzo mukaona liwu lakuti "raiti", ufulu wolamula kapena wopanga chiganizo, yankho ndi othorite. Mukaona "abilite", kutha chabe, yankho ndi pawa. Mukaona "dyute" kapena "obligeshoni", yankho ndi responsibilite. Mukaona "ansa", "ripoti" kapena "ekisipuleni", yankho ndi akauntabilite.

Popeza ulamuliro umachita kupatsidwa, uyenera kukhala ndi umboni wa kumene wachokera. Ngakhale Pulezidenti, gawo 89 la malamulo aakulu aja limati akafuna kuti mkulu wina wa boma agwiritse ntchito mphamvu zake, amupatse mochita kulemba. Apanso pali mfundo ina yofunika: sungagawe ulamuliro umene iwe mwini ulibe. Mayi a ku Ntaja aja, ngati gulu linawaletsa kutenga ngongole, sangauze mnyamata kuti akatenge.

Msampha wachinayi: Chichewa chathu chomwe.

Liwu lakuti udindo timaligwiritsa ntchito pawiri. Tikati "apatsidwa udindo wa usipikala" kapena "anthu a maudindo", tikunena mpando. Tikati "ndi udindo wako kusesa m'kalasi", tikunena ntchito yoyenera kugwiridwa. Responsibilite ndi tanthauzo lachiwirili. Ukamasulira m'mutu kuti responsibilite ndi udindo, kenaka n'kuganiza za mpando, umapezeka walemba tanthauzo la othorite, malikisi n'kupita.

Palinso china. Windo la kalasi likasweka, aphunzitsi amafunsa m'Chizungu kuti "responsibo" ndani. Pamenepo akufunsa wopalamula, amene waponya mwala. Tanthauzo limeneli ndi la pabwalo, si la m'buku la Bizinesi. Amene waswa windo ndi wina, amene anali ndi udindo wosunga bata m'kalasi ndi monita, ndipo amene akafotokoze kwa ahedi ndi aphunzitsi a kalasilo. Anthu atatu osiyana pa windo limodzi.

Akauntabilite nayo imanyenga chifukwa imamveka ngati akaunti ya kubanki, ndiye ena amaganiza kuti ndi ya ndalama zokha. Ayi. Kapiteni wa timu ya mpira amayankhapo pa majezi ndi pa khalidwe la osewera, ngakhale sanagwire tambala. Komanso si chilango chokha. Mnyamata uja atabwera ndi malisiti onse ndi K8,000, anayankhapo bwino lomwe ndipo anayamikiridwa. Kuyankhapo kumakhalapo ngakhale zinthu zitayenda.

Msampha wachisanu: kutuma ndi kutaya ntchito.

Pa mayeso akhoza kukupatsani nkhani ya bwana amene wapereka ntchito kwa wantchito, osamuuza malire, osabweranso kudzaona, ndipo zitavuta akuti si zake. Akafunsa ngati uku ndi kutuma kwabwino, yankho ndi ayi. Kumeneko ndi kutaya ntchito. Kutuma kwenikweni kuli ndi masitepe ake. Sankha munthu amene angathe. Muuze ntchito momveka, ndi nthawi yoti ithe. Mupatse ulamuliro ndi zipangizo zokwanira, umuuzenso polekezera. Gwirizanani mmene adzafotokozere, kaya ndi malisiti, kaya ndi lipoti. Pomaliza, uone zotsatira. Likasowa sitepe lachitatu, wotumidwa amamangika manja. Akasowa awiri omalizawo, wotuma amadzadzidzimuka pa tsiku lowerenga ndalama.

Mbali inayo iliponso. Bwana amene watuma koma akuima kumbuyo kwako n'kumasankha chilichonse yekha sanagawe ulamuliro uliwonse. Wangokusandutsa manja ake.

NANGA PASUKULU PANO?

Unyolo wake umayenda chonchi. Monita amayankha kwa aphunzitsi a kalasi, aphunzitsi kwa ahedi, ndipo ahedi a sekondale za ku Machinga ndi ku Balaka amayankha ku ofesi ya maphunziro ya chigawo cha kummwera chakum'mawa, imene ili ku Zomba. Aliyense pa unyolowu ali ndi womufunsa.

Kwa inu amonita ndi mapulifekiti, phindu la phunziroli ndi ili. Mukapatsidwa ntchito, funsani mafunso atatu musananyamuke: ndichite chiyani kwenikweni, ndaloledwa kufika pati, ndipo ndikafotokoze kwa ndani? Ngati mwauzidwa kulemba maina a ochita phokoso, ulamuliro wanu wathera pa kulembapo. Kupereka chibalo kapena kutulutsa munthu m'kalasi ndi chiganizo china, chofuna chilolezo chakechake. Ndipo mukasonkhetsa ndalama za kalabu, lembani dzina ndi ndalama ya aliyense m'kope, wolandira asaine. Mukapatsira mnzanu kuti akaperekeko, dziwani kuti zikasowa aphunzitsi adzayamba kufunsa inuyo.

Kwa ife ena tonse, monita akatilemba dzina tisamadane naye ngati wazipanga yekha. Ulamulirowo anachita kubwereka kwa aphunzitsi, ndipo akapanda kulemba, wofunsidwa ndi iyeyo.

DZIYESENI

Phimbani mayankho ndi dzanja, osabera.

1. Aphunzitsi a zamasewero auza kapiteni kuti asankhe yekha osewera 11 oyamba. Kodi kapiteni walandira chiyani pa mawu anayi aja?

2. Mlimi wa ku Ulongwe wauza mwana wake kuti azithirira dimba la tomato m'mawa uliwonse. Kuthirirako ndi chiyani kwa mwanayo?

3. Msungichuma wa kalabu ya zaulimi waimirira kutsogolo kuwerenga ndalama zimene zalowa ndi zimene zatuluka teremu yonse. Akuchita chiyani?

4. Pulifekiti wa laibulale wapatsa mnzake kiyi kuti atseke, mnzakeyo waiwala, mabuku awiri asowa. Ndani ayankhe kwa aphunzitsi a laibulale, ndipo chifukwa chiyani?

5. Wantchito wa pachigayo wauzidwa kuti chigayo chisaime, koma saloledwa kugula dizilo mwini wake akachokapo. Chavuta n'chiyani?

Mayankho

1. Ulamuliro, chifukwa wapatsidwa ufulu wopanga chiganizo. Zimene achita aphunzitsiwo ndiye kutuma.

2. Udindo. Ndi ntchito imene ayenera kuigwira.

3. Akuyankhapo. Akufotokozera amene anamusankha mmene wagwirira ntchito.

4. Pulifekiti, chifukwa ndi amene aphunzitsi anamupatsa kiyi, ndipo kupatsira mnzake sikunachotse kuyankhapo kwake. Mnzake uja ayankha kwa pulifekiti, ndipo aphunzitsi akhoza kumuitananso. Funso linanso limene pulifekiti akumane nalo ndi lakuti kodi analoledwa kupereka kiyiyo kwa munthu wina.

5. Udindo wake ndi waukulu kuposa ulamuliro wake. Mwini chigayo amulole kugula dizilo mpaka ndalama yakutiyakuti, kapena asamudzudzule chigayo chikaima.

Amene mwakhoza zonse zisanu, yesani kupanga chitsanzo chanu cha kumudzi kwanu, cha nyakwawa ndi agulupu kapena cha komiti ya mjigo, muone ngati mungaloze pamene pali mawu onse anayi. Mukachilemba, perekani kwa akomiti ya bolodi ino kuti tonse tidzachione. Amene zinakuvutani ndi nambala 4, werenganinso njira yachitatu ya golosale ija. Chonde musang'ambe pepalali, a Fomu 1 adzalifuna chaka chamawa.